Imelo yamalonda yapita ndi cholakwika: kupepesa mwachidule ndi kukonza

Ndimagwira ntchito m'sitolo yogulitsa mapepala, makope ndi inki ya makina osindikizira kuno ku Zomba, ndipo makasitomala athu ambiri ndi masukulu ndi maofesi, kuyambira m'tauni muno mpaka ku Domasi, ku Thondwe ndi ku Jali. Chaka chilichonse sukulu zikamayandikira kutsegulira mu Seputembala, ife ndi anzathu amalonda timatumiza maimelo a mitengo mothamanga, ndipo chaka chilichonse wina amatumiza mtengo wakale, tsiku losagwirizana ndi kalendala, kapena nambala yolipirira yosowa chiwerengero chimodzi. Kulakwitsako sikundidetsa nkhawa kwambiri. Chimene chimandipweteka ndi imelo yachiwiri, yopepesa ija, imene nthawi zambiri imaononga kuposa yoyamba.

Ntchito ya imelo yokonza ndi imodzi basi: munthu amene wawerenga mzere woyamba wokha adziwe cholondola. Kupepesa kumatenga chiganizo chimodzi, ndipo kumabwera pambuyo pa cholondolacho.

## Musanalembe chilichonse

Ambiri amayamba ndi kufunafuna njira yobwezera imeloyo. Mu Gmail muli `Undo Send`, koma imagwira ntchito kwa masekondi 5, 10, 20 kapena 30 okha malinga ndi mmene munaikira. Mu Outlook muli `Recall This Message`, koma imathandiza pokhapokha wolandirayo ali m'bungwe lanu lomwelo. Kasitomala wa ku Songani amene ali ndi adiresi ya Gmail simungamulande kalatayo. Madzi akatayika saoleka, choncho nthawi yanu ithere pa izi:

- Tsegulani `Sent` muwerenge imelo imene inapitadi, osati imene mukuikumbukira. Werengani yonse, ndi mapepala amene munaphatikapo omwe. Pamene papezeka cholakwika chimodzi pamakhala chinzake, ndipo kukonza kawiri n'kochititsa manyazi kuposa kukonza kamodzi.
- Onani kuti inapita kwa ndani. Ngati olakwiridwa ndi anthu 12 mwa 140, lemberani 12 aja okha.
- Funsani amene ali pa kauntala ndi amene amagwira foni ya sitolo ngati pali amene waitanitsa kale kapena kulipira.
- Gwirizanani ndi eni sitolo chimene muchite ndi anthu amenewo. Musatumize kupepesa musanadziwe yankho la funso limene aliyense afunse: "Nanga ine ndalipira kale?"

## Chizindikiro choyamba: anthu akuitanitsa katundu pa mtengo umene simukuudziwa

Foni ikuitana kuposa masiku onse, ndipo aliyense akutchula mtengo wotsika. Zifukwa zake, kuyambira chofala kwambiri:

1. Munakopera imelo yakale. Munatenga ya teremu yatha, n'kusintha tsiku, n'kuiwala mzere umodzi wa mtengo. Vuto ili linakula kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chifukwa mitengo ya katundu wochokera kunja inasiya kukhalitsa. Yerekezani mzere uliwonse ndi invoisi yomaliza ya amene amakugulitsani katundu.
2. Muyeso wasokonekera. Rimu imodzi ya mapepala a A4 ili ndi mapepala 500, ndipo m'katoni mumakhala marimu 5. Mukalemba "mapepala a A4" n'kuika mtengo osanena kuti ndi wa rimu kapena wa katoni, wowerenga amasankha chimene chikumukomera.
3. Msonkho wa VAT simunautchule. Basala wa sukulu amawerengera ndalama zimene zatchulidwa, kenako invoisi ikubwera yokwera. Onani ngati imeloyo inanena kuti msonkho uli momwemo kapena ayi.
4. Chala chinaterereka. Ziro mmodzi wasowa, kapena 68 wasanduka 58. Ichi anthu amachinamizira kwambiri, koma si chofala monga zitatu zoyambazo.

Ndifotokoze mmene zinatichitikira, chifukwa apa ndi pamene nkhani imavuta. Lolemba lina 8 koloko m'mawa tinatumiza imelo ku maadiresi 140. Katoni ya mapepala inalembedwa K58,000, mtengo wa teremu yam'mbuyo, pamene mtengo woyenera unali K68,000. Ife katoniyo tinali kuigula K61,000. Pofika 11 koloko, munthu mmodzi anali atagula makatoni 2 n'kunyamula, sukulu ina ya cha ku Domasi inali italipira makatoni 12 koma isanatenge, ndipo ofesi ina ya m'tauni inali italemba kuti ikufuna makatoni 20, isanalipire ndipo ife tisanaiyankhe.

Tinakhala pansi ndi pepala. Makatoni 14 olipiridwa aja, tikawapereka pa K58,000, ndalama yotuluka m'thumba mwathu inali K3,000 pa katoni, yonse pamodzi K42,000. Phindu limene tikanapeza, K7,000 pa katoni, nalo linapita. Ndi ndalama ndithu, koma kubwerera kwa aphunzitsi aakulu amene atulutsa kale ndalama za sukulu n'kuwauza kuti awonjezere K120,000 kukanatanthauza kuti iwo akafotokoze ku komiti ya sukulu cholakwa chimene si chawo. Sukulu imeneyo imagula kwa ife teremu iliyonse. Tinagwirizana kuti amene alipira kale, mtengo wawo ndi umene analipira. A makatoni 20 aja tinawaimbira foni imelo yokonza isanapite, kuti asamve nkhaniyi pamodzi ndi gulu.

Imelo imene tinatumiza 12 koloko isanakwane inali iyi:

> Mutu: Kukonza mtengo: katoni ya mapepala a A4 ndi K68,000
>
> Okondedwa makasitomala athu,
>
> Mtengo wa katoni ya mapepala a A4, ya marimu 5, ndi K68,000, osati K58,000 monga tinalembera mu imelo ya lero m'mawa. Tinaika mtengo wakale, ndipo tikupepesa.
>
> Amene munalipira kale uthenga uno usanafike, mulandira katundu wanu pa mtengo umene munalipira. Mitengo ina yonse ya mu imelo ija ndi yolondola. Mndandanda wokonzedwa tauphatika pano, ndipo wam'mawa uja muutaye.
>
> Zikomo kwambiri.

Taonani zimene zilimo. Mtengo wolondola uli m'mutu momwe, chifukwa ambiri amaona imelo pa foni ali m'minibasi kapena pa kabaza, ndipo satsegula. Mtengo wolakwika watchulidwa kamodzi, kuti munthu adziwe chimene akufufuta m'mutu mwake. Mawu akuti "mitengo ina yonse ndi yolondola" ndi ofunika kwambiri, pakuti popanda iwo basala amakayikira mndandanda wonse n'kuyamba kuimba foni kufunsa chinthu chimodzichimodzi. Koma muwalembe pokhapokha mutayerekezadi mzere uliwonse.

Pali mtengo wina wolakwika umene simungaukwanitse, monga katoni ya K68,000 italembedwa K6,800. Pamenepo aliyense akuona kuti ndi kulakwitsa. Nenani mosabisa kuti simungagulitse pa mtengo umenewo, ndipo amene anatumiza ndalama muwafunse ngati akufuna kuwonjezera kapena kubwezeredwa zonse tsiku lomwelo. Kusankha kukhale kwawo.

## Chizindikiro chachiwiri: "Kodi ndi Lachisanu kapena Loweruka?"

Funso ili likafika, tsiku ndi deti sizikugwirizana.

1. Deti munasintha, dzina la tsiku munalisiya. Mwachitsanzo munalemba kuti kutsitsa mitengo kutha "Loweruka pa 15 Ogasiti 2025", pamene 15 Ogasiti chaka chimenecho linali Lachisanu.
2. Deti lolembedwa ndi manambala okha. `03/04` kwa ife ndi 3 Epulo, koma kompyuta yoikidwa mwa Chimereka imawerenga 4 Malichi, ndipo Excel imatha kutembenuza osakuuzani. Lembani dzina la mwezi.
3. Tsikulo ndi la tchuthi, monga 6 Julayi, ndipo sitolo ikhala yotseka.

Kukonza kwake n'kosavuta ngati mungathe kutenga tsiku lakutsogolo pa awiriwo, chifukwa palibe amene wataya kanthu: "Kutsitsa mitengo kutha Loweruka pa 16 Ogasiti. Mu imelo yathu ya dzulo tsiku ndi deti zinasemphana, pepani." Munthu wochokera ku Mayaka amene walipira ulendo n'kupeza kuti nthawi yatha dzulo sangatonthozedwe ndi imelo iliyonse.

## Chizindikiro chachitatu: kasitomala akuti walipira, koma ndalama simukuziona

Apa imelo si chinthu choyamba. Imbani foni.

1. Nambala ya Airtel Money, ya Mpamba kapena ya akaunti ya ku banki inalakwika chiwerengero chimodzi, kapena ziwerengero ziwiri zinasinthana malo. Yerekezani ndi chikalata cha ku banki, osati ndi imelo ina.
2. Munaika nambala yakale ya munthu amene anasiya ntchito, kapena akaunti yotsekedwa.
3. Imeloyo simunalembe ndinu. Ngati mu `Sent` muli kalata imene simukuidziwa, kapena kasitomala akukuonetsani imelo ya dzina lanu yokhala ndi akaunti yachilendo, wina walowa mu imelo yanu kapena akunamizira dzina lanu. Onani gawo lomaliza.

Vuto la kukonza nambala yolipirira ndi lakuti imelo yonena kuti "akaunti yathu yasintha, tumizani kuno" ndi imene akuba amalemba. Basala wanzeru sayenera kuikhulupirira, ndipo inu musamuphunzitse kutero. Choncho lembani motere:

> Chonde musatumize ndalama ku nambala imene ili mu imelo yathu ya Lachiwiri. Tinailakwitsa, ndipo tikupepesa. Musanalipire, tiimbireni pa nambala ya foni imene ili pa malisiti athu akale, kapena fikani ku sitolo, kuti tikupatseni yolondola. Ngati mwatumiza kale, tiuzeni lero lomwe.

Amene watumiza kale mumupemphe uthenga wotsimikizira kulipira, wokhala ndi nambala ya ndondomekoyo, nthawi ndi ndalama zake, kenako mupite naye limodzi ku banki kapena ku kampani ya foni nthawi yomweyo. Ndalama ikatapidwa, kuibweza kumavuta. Nambala yolakwikayo munapereka ndinu, choncho katundu wake apatsidwe, ndipo kulondola ndalamazo ikhale ntchito yanu.

## Chizindikiro chachinayi: wina wayankha kuti "Ine si amenewa", kapena anthu akuyankhana okha

1. Maadiresi onse munawaika mu `To` kapena `Cc` m'malo mwa `Bcc`, imene imabisa maadiresi a olandira. Aliyense akuona maadiresi a anzake, ndipo mmodzi akadina `Reply all` uthenga wake ukufika kwa onse.
2. Malo a dzina sanadzazidwe, ndipo kalata yayamba ndi `*|FNAME|*` kapena chizindikiro china chotere. Ndi chonyansa m'maso koma sichipweteka munthu. Ine sinditumiza imelo yapadera pa ichi. Kalata yotsatira ikhale yolondola, basi.
3. Mayina asemphana ndi maadiresi. Izi zimachitika mukasanja mayina okha mu Excel, maadiresi n'kutsala mmene analili. Onani mizere itatu, woyamba, wapakati ndi womaliza. Ngati yonse yalakwika, mndandanda wonse wasokonekera ndipo mubwerere ku wakale.

Pa nkhani ya `Cc`, chinthu choyamba ndi kusabwereza: imelo yopepesa ipite mu `Bcc`. Ndaonapo wina akupepesa podina `Reply all`, n'kuonetsanso maadiresi onse kachiwiri. Mawu ake akhale ochepa: "Mu imelo yathu ya lero maadiresi a olandira onse anaonekera. Kulakwa ndi kwathu, ndipo tikupepesa. Chonde ifufuteni, ndipo poyankha mulembere ife tokha."

Dzina likalakwika kwa munthu mmodzi, makamaka wamkulu, musamutumizire kalata ya gulu. Mulembereni yekha ndi ulemu wake: "Mayi, pepani kuti dzina lanu tinalilakwitsa mu kalata ya dzulo. Takonza m'kaundula wathu. Zonse zokhudza mitengo zili monga tinalembera." Ngati ndi munthu amene mumakumana naye, kupepesa kwenikweni kuchitike pamaso akabwera ku sitolo.

## Chizindikiro chachisanu: munakonza, koma anthu akubwerabe ndi mtengo wakale

Ili ndi limene limabwerera kwambiri, ndipo zifukwa zake zili mwa kalata yokonza yomweyo.

1. Mutu sunasinthe. Gmail imasonkhanitsa makalata a mutu umodzi pamodzi, ndipo munthu amene anawerenga yoyamba amaganiza kuti yachiwiri ndi yobwereza. Kwa gulu, tumizani imelo yatsopano ya mutu woyamba ndi mawu akuti "Kukonza". Kwa munthu mmodzi amene mukukambirana naye kotesheni, yankhani pa kalata yomweyo kuti mbiri ikhale pamodzi, koma mzere woyamba unene cholondola.
2. Cholondola chakwiriridwa. Moni wautali, kuthokoza, kufotokoza mmene sabata yakhalira yotanganidwa, kenako mtengo m'ndime yachitatu. Pamaso timayamba ndi kulonjerana, ndipo n'koyenera. Mu imelo yokonza moni ndi mzere umodzi.
3. Imelo yoyamba inajambulidwa n'kuponyedwa pa WhatsApp. Kuno zimachitika kwambiri. Chithunzi chimayenda m'magulu a aphunzitsi ndi a ophunzira a ku Chanco, kwa anthu amene adiresi yawo mulibe. Funsani amene wabwera ndi mtengo wakale kuti anauona kuti. Konzani chithunzi chatsopano chokhala ndi deti pamwamba, mupemphe amene anaponya choyamba aponyenso ichi, ndipo mumate pepala pa kauntala.
4. Munaphatikanso pepala lakale. Mafailo awiri a dzina lofanana amasokoneza inu ndi wolandira yemwe. Latsopanolo lipatseni dzina losiyana, monga `mitengo-yokonzedwa-18-Aug.pdf`, ndipo mulitsegule musanatumize.
5. Anzanu a pa kauntala sanauzidwe, ndipo akuvomera chilichonse chimene kasitomala waonetsa pa foni.

Musanatumize kwa onse, dzitumizireni nokha n'kuwerenga pa foni, ndipo munthu wachiwiri awerenge manambala mokweza inu mukuyang'ana pa invoisi.

## Chizindikiro chachisanu ndi chimodzi: mwapepesa, koma kasitomala wakwiya kuposa poyamba

1. Kupepesa kokhala ndi "ngati". "Pepani ngati mwina zakusokonezani" kumamveka ngati vuto ndi kusamvetsa kwa wowerenga. Nenani kuti "tinalakwitsa mtengo, pepani."
2. Kuloza chala. "Mtsikana wathu watsopano ndiye analakwitsa", kapena "magetsi anazima". Kasitomala amagula ku sitolo, osati kwa mtsikanayo, ndipo kunyazitsa wantchito pagulu kumaonetsa mmene mumakhalira ndi anthu anu. Lembani "tina-". Za amene analakwitsa mukambirane mkati.
3. Kupepesa kambirimbiri. "Pepani kwambiri, tikhululukireni, tachita manyazi, sizidzachitikanso." Wowerenga amayamba kuganiza kuti chachitika n'chachikulu kuposa chimene mwanena. Komanso "sizidzachitikanso" ndi lonjezo limene simungalisunge.
4. Kugulitsa mkati mwa kupepesa. Mukawonjezera kuti "komanso tili ndi inki yotsika mtengo", anthu amaganiza kuti cholakwika chija chinali nyambo yowakokera. Malonda ena adikire kalata ina.
5. Kuchedwa. Kukonza kwa tsiku lomwelo anthu amakuona ngati chilungamo. Kwa patatha sabata, anthu atayenda ulendo, amakuona ngati chinyengo.

Pali funso la basera: kodi mupereke kanthu popepesa? Ine ndimati mupereke kwa amene wataya kanthu, monga amene wabwera kuchokera kutali chifukwa cha mtengo uja. A makatoni 20 aja tinawauza pa foni kuti tingawapatse pa K64,000 ulendo umodzi wokha, ndipo tinawalembera imelo yawoyawo yotsimikizira. Kwa anthu oposa 130 amene sanachitepo kanthu, cholondola ndi "pepani" mmodzi zinali zokwanira.

## Pamene muyenera kusiya kulemba n'kufunsa odziwa

- Cholakwika chili mu kotesheni yosainidwa kapena mu tenda, kapena mwalandira kale LPO, kalata ya kasitomala yoitanitsira katundu, n'kuivomera. Pamenepo pakhoza kukhala mgwirizano womanga, ndipo mawu a imelo yanu angadzawerengedwe ngati umboni. Musalembe kuti mwathetsa oda musanalankhule ndi loya.
- Kasitomala akunena kuti mwamunamiza ndipo akadandaula. Malamulo a dziko lino amaletsa kusocheretsa ogula pa mitengo, ndipo bungwe loona za chilungamo pa malonda la CFTC limalandira madandaulo otere. Sungani imelo yoyamba, yokonza, ndi nthawi imene iliyonse inapita. Musafufute kanthu, ndipo musakangane naye pa WhatsApp.
- Zinsinsi za anthu zatuluka, monga mndandanda wa ngongole za makasitomala, manambala a foni kapena invoisi ya wina itapita kwa wina. Malawi ali ndi lamulo loteteza zinsinsi zotere la mu 2024, ndipo amene amaliyang'anira ndi MACRA. Imelo yopepesa yokha siithetsa nkhaniyi. Funsani wodziwa malamulo tsiku lomwelo chimene muyenera kuchita.
- Invoisi yatuluka kale ndi msonkho wolakwika. Musaikonze ndi cholembera kapena kungotumiza ina. Akauntanti wanu ndiye adziwe mmene ingakonzedwere kuti mabuku anu agwirizane ndi zimene zipite ku MRA.
- Mukukayikira kuti wina walowa mu imelo yanu. Musatumize kupepesa kuchokera mu akaunti yomweyo, chifukwa wakubayo akhoza kuwerenga, kufufuta kapena kuyankha m'malo mwanu. Sinthani mawu achinsinsi pogwiritsa ntchito foni kapena kompyuta ina, itanani katswiri wa makompyuta aone ngati pali lamulo lobisika lotumiza makalata anu kwina, dziwitsani banki, ndipo makasitomala onse amene ali ndi invoisi yosalipira muwaimbire foni mmodzimmodzi. Ngati ndalama zabedwa kale, kaneneni ku polisi mutatenga makalata onsewo osindikizidwa.